Mabokosi atatu, malo a awiri: kodi flexbox yamveradi?

Wokonza webusaiti akafuna kuti zinthu zikhale pakati pa tsamba, komanso kuti zizitsikira mzere wachiwiri malo akachepa, amadalira njira ya CSS yotchedwa flexbox. Koma pa sikirini yaikulu ya kompyuta chilichonse chimaoneka bwino, ngakhale lamulo litalembedwa moperewera. Diso lokha silingagamule mlanduwu. Pamafunika kuyeza.

Tiyerekeze tsamba la sitolo lokhala ndi mabokosi atatu a katundu, lililonse mapikiselo 300 mulifupi, ndi mpata wa 20 pakati pawo. Onse pamodzi akufuna malo okwana 940. Lamulo la bokosi lalikulu lowasunga ndi ili:

```css
.katundu {
  display: flex;
  justify-content: center;
  gap: 20px;
}
```

Tsopano chepetsani zenera la bulawuza mpaka bokosi lalikululo lifike pa 700. Wokonzayo akuyembekeza kuti bokosi lachitatu litsika. Silitsika ayi. Flexbox ikapanda kuuzidwa, imasunga zonse pa mzere umodzi n'kuzifinya, ngati anthu anayi pa mpando wa atatu mu minibasi. Mukachotsa mipata iwiri ija pa 700 patsala 660, ndiye bokosi lililonse lichepa kufika pa 220. Ambiri sazindikira, poti tsamba limaonekabe laudongo.

Kuti mugwire vutoli, dinani `F12` mu Chrome, n'kusankha bokosi limodzi pansi pa Elements. Mukaona 220 pomwe munalemba 300, dziwani kuti mwaiwala `flex-wrap: wrap`.

Mukauika mzere umenewu, yezaninso, musangokhulupirira. Mabokosi awiri ndi mpata wawo ndi 620, choncho kumanzere kuyenera kutsala 40, kumanjanso 40. Lachitatu likhala lokha m'munsi, ndipo uku ndi uku kutsala 200. Mbali ziwirizo zikasiyana, kawirikawiri pali `margin` kapena `padding` yomwe ikukankha mwakachetechete. Ena amadabwa kuona bokosi lachitatu lili pakatikati m'malo mokhala pansi pa loyamba. Si cholakwika: mzere uliwonse umadziikira wokha zinthu zake pakati.

Kumene kumagwetsa ngakhale akatswiri ndi kuika zinthu pakati kuchokera pamwamba kutsika pansi. Lamulo la `align-items: center` limagwira ntchito mkati mwa mzere uliwonse paokha. Mizere ikakhala iwiri m'bokosi lalitali, imagawana malo onse n'kutalikirana, ndipo kuti iyandikane pakati pamafunika `align-content: center`. Komanso ngati bokosi lalikulu silinapatsidwe msinkhu, limangolekezera pomwe katundu wathera, ndiye palibe malo otsala oti chinthu chisunthiremo.

Pomaliza kuyeza, tsitsani zenera mpaka 360, mulingo wa mafoni ambiri. Bokosi lililonse likhale pa mzere wake, ndipo mbali iliyonse kutsale 30.