Mphatso yoti mwana sangasewere nayo yekha

Bambo kapena mayi akasamutsidwa pantchito, akuluakulu amatanganidwa ndi lendi, galimoto yonyamula katundu ndi kalata yakusukulu. Mwana amangotsatira. Lolemba amapezeka m'kalasi momwe aliyense ali kale ndi mnzake wokhala naye pafupi, ndipo nthawi yopuma ikakwana iye amaima pakhonde n'kumaonerera. Makolo ambiri akaona zimenezi amamva chisoni n'kumugulira chinthu chomusangalatsa: kagalimoto ka batire, chidole, kapenanso kumusiyira foni. Mwanayo amasangalaladi, koma amasangalala ali m'nyumba, yekha. Ine ndimati pogula mphatso yotere funso likhale limodzi: kodi chinthuchi chimafuna anthu angati kuti masewera ayambe? Ngati yankho ndi mmodzi, chisiyeni kaye.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 9, wa Sitandade 4, amene wachoka ku Mzuzu n'kukakhala ku Chinamwali, ku Zomba. Chichewa chake chili ndi kamvekedwe ka Chitumbuka, ndipo anzake atamuseka kamodzi wayamba kuuma pakamwa. Mwana ameneyu mpira ungamuthandize kwambiri, chifukwa pabwalo safunika kulankhula zambiri. Mugulireni wa saizi 4, womwe ndi wa msinkhu wake. Wa saizi 5 ndi wa akuluakulu, ndipo ukaonekera pamalo amabwera ndi anyamata a ku sekondale n'kuulanda masewerawo. Musaiwale pampu ndi singano yake, poti mpira ukaphwa tsiku lachitatu nkhani yonse yathera pomwepo.

Asapite nawo kusukulu tsiku loyamba. Ayambe kuumenya kukhoma panja pa nyumba cha m'ma 4 koloko madzulo, ana akamaweruka ndi kumaliza ntchito zapakhomo. Phokoso lokhalo limaitana. Akabwera awiri kapena atatu, inu lowani m'nyumba. Mawa lake kusukulu adzakhala ndi nkhope zomwe akuzidziwa.

Koma mpira uli ndi vuto lake, ndipo tonse tinakula tikulidziwa: mwini mpira. Ndi uja amasankha timu, salola kugoletsedwa, ndipo akakwiya amanyamula mpira wake n'kumapita. Ana amamupirira chifukwa cha mpirawo, koma samukonda. Muuzeni mwana wanu asanatuluke kuti mpira ukafika pabwalo malamulo ndi a onse. Vuto lina ndi losiyana ndi limeneli: anzakewo kukonda mpira osati mwanayo. Mungazindikire mosavuta. Pitani mukaone ngati akusewera kapena amuika pagolo tsiku lililonse, mwinanso wakhala pambali akusunga nsapato za ena. Mverani mmene amaitanira pageti, kaya amatchula dzina lake kapena amangoti “tibwerekeko mpira.” Ndiyeno tsiku lina usungeni m'nyumba. Akabwerabe n'kumutenga kukasewera wachikulunga, dziwani kuti wapeza anzake enieni. Akapanda kubwera, musamukalipire. Ikani lamulo loti mpira umatuluka ndi mwini wake n'kubwerera naye.

Kwa mtsikana, chingwe chodumpha chimagwira ntchito yomweyo, bola chikhale chachitali, mamita anayi kapena asanu, osati kachifupi kokhala ndi zogwirira komwe munthu amadumpha yekha. Chachitali chimafuna awiri opukusa ndi mmodzi wodumpha, choncho sangachitire mwina koma kuitana ena. Ndipo nyimbo zodumphira zimasiyana malo ndi malo, ndiye iye amaphunzitsa zakwawo, iwo n'kumuphunzitsa zawo.

Si mwana aliyense amene angalimbe pagulu la anthu khumi. Wamanyazi amafuna mnzake mmodzi kaye, ndipo apa ndi pomwe bawo limaposa mpira. Lili ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo amasewera anthu awiri atayang'anizana, maso ali pa nkhomo osati pankhope. Mwana amene amaopa kuyang'anidwa amapeza mpumulo pamenepo. Muphunzitseni inuyo madzulo angapo mpaka azolowere kafesedwe kake, kenako itanani mwana mmodzi wa aneba. Ngati malamulo a bawo amulemera, ludo kapena makhadi zingayambe.

Za ndalama ndi maswiti ndikukana. Mwana wogawa masiwiti tsiku lililonse amazunguliridwa ndi gulu lomwe limabalalika thumba likatha, ndipo ena amayamba kumuopseza akabwera chimanjamanja. Mtedza wokazinga kapena mbatata yoti agawane ndi amene wakhala naye pafupi ndi nkhani ina, chifukwa mawa mnzakeyo amabweretsa chimanga chake.

Musanalole kuti mpira kapena chingwe chipite kusukulu, kaonaneni ndi aphunzitsi ake. Sukulu zina sizilola zoseweretsa zochokera kunyumba, ndipo mwana wachilendo akalandidwa chinthu pamaso pa kalasi yonse amabwerera m'mbuyo. Aphunzitsi ena amavomera kusunga mpirawo n'kumautulutsa nthawi yopuma, ndipo akatero palibe wamkulu msinkhu amene angaulande.