Kubwezera dashibodi pa ziwerengero zakale zatsopano zikalakwika

Dashibodi ndi tsamba la pakompyuta lomwe limaonetsa ziwerengero za ntchito pamalo amodzi: malonda a dzulo, katundu wotsala m'nyumba yosungira, odwala amene afika kuchipatala sabata ino. Ziwerengerozo sizilembedwa ndi manja. Pa nthawi yoikika, kawirikawiri usiku anthu atagona, pulogalamu imakatenga deta kumene imasungidwa, n'kuwerengetsera, n'kuika zatsopano m'malo mwa zakale. Ntchito imeneyi ndi imene imatchedwa kutsitsimutsa dashibodi.

Kutsitsimutsa kumalakwika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi pamene pulogalamu yaima panjira chifukwa seva yazima kapena netiweki yaduka. Imeneyi siopsa kwenikweni, poti imadziulula yokha, ndipo mapulogalamu ngati Power BI amasiya deta yakale pamalo pake ntchito ikalephera. Yachiwiri ndiyo yopweteka. Pulogalamu imamaliza, n'kulemba kuti zonse zayenda bwino, koma deta imene yatenga ndi yoperewera kapena yobwerezedwa. Kompyuta sidziwa kuti yalakwa, choncho imafufuta zabwino n'kuikapo zoipa. Kusunga ziwerengero zabwino zapitazo kumateteza ku vuto lachiwirili.

Mfundo yake ndi yakuti deta yatsopano isalembedwe pamwamba pa imene anthu akuona. Imayamba yamangidwa pambali, n'kuyesedwa, ndipo ikapambana mayeso m'pamene imalowa m'malo. Yakale sitayidwa, imangosunthidwa.

Mwachitsanzo, kampani ina yogulitsa katundu wapikulitsa ili ndi nthambi 12, ndipo nthambi iliyonse imatumiza fayilo ya malisiti pafupifupi 4,000 patsiku. Dashibodi imawerenga tebulo lotchedwa `malonda` mu PostgreSQL. Nthawi ya 2 koloko usiku pulogalamu imamanga tebulo lina, `malonda_atsopano`, osakhudza limene likuoneka. Likayesedwa n'kupezeka bwino, mayina amasinthidwa motere:

```sql
BEGIN;
DROP TABLE IF EXISTS malonda_dzulo;
ALTER TABLE malonda RENAME TO malonda_dzulo;
ALTER TABLE malonda_atsopano RENAME TO malonda;
COMMIT;
```

Mawu a `BEGIN` ndi `COMMIT` amamanga malamulo atatuwo kukhala mtolo umodzi: amachitika onse, apo ayi sipachitika kanthu. Wotsegula dashibodi pa mphindi imeneyo amaona tebulo lakale lathunthu kapena latsopano lathunthu, saona theka. Kubwerera m'mbuyo n'kusinthanso mayina omwewo, ndipo kumatha msanga ngakhale tebulo likhale lalikulu chotani, chifukwa palibe deta imene ikukoperedwa. Pali msampha umodzi umene umakola ambiri. Mu PostgreSQL, `VIEW` imatsatira tebulo lenilenilo, osati dzina lake. Ngati dashibodi imawerenga kudzera mu `VIEW`, ipitiriza kuonetsa tebulo lakale ngakhale mayina asinthe, mpaka itapangidwanso.

Mayeso ndi amene amafuna nzeru kuposa kusintha mayina. Ambiri amangowerenga mizere: ngati malisiti a tsikulo asiyana ndi masiku onse ndi gawo loposa 20 pa 100, tebulo latsopano likanidwe. Mayeso amenewa amagwira fayilo yopanda kanthu, koma pali zambiri zimene zimawadutsa. Usiku wa Lachisanu nthambi imodzi yatumiza fayilo yake kawiri, chifukwa netiweki inaduka ndipo kalaliki anatumizanso. Malisiti a tsikulo akhala 52,000 m'malo mwa 48,000, kusiyana kwa 8 pa 100 kokha. Mayeso avomera. Dashibodi ikuonetsa kuti nthambiyo yagulitsa kuwirikiza kawiri, ndipo nkhani yokoma sakonda kuifunsa mafunso. Chikanagwira vutoli n'kufunsa ngati pali nambala ya lisiti imene yabwera kawiri, komanso kuwerenga nthambi iliyonse payokha m'malo mophatikiza zonse. Funso lina losavuta ndi lakuti kodi nthambi zonse 12 zilimo.

Apa m'pamene kusunga tebulo limodzi lokha kumaonekera kuperewera kwake. Fayilo yobwerezedwayo ikadali kumene deta imachokera, ndiye matebulo a Loweruka ndi Lamulungu amangidwa ndi cholakwa chomwecho. Lolemba m'mawa wowerengera ndalama akuona kuti za kubanki sizikugwirizana ndi za padashibodi. Akafuna kubwerera, `malonda_dzulo` nalonso ndi loipa, ndipo tebulo lomaliza labwino, limene linathera pa malonda a Lachinayi, linafufutidwa kale. Tebulo ladzulo ndi tebulo labwino sizifanana nthawi zonse. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amasunga matebulo angapo okhala ndi deti m'dzina, ndipo chiwerengero chake chimatengera masiku amene cholakwa chingathe kubisala. Ngati ndalama zimayerekezedwa ndi za kubanki kamodzi pa sabata, matebulo asanu ndi awiri ndiwo ochepetsetsa.

Mapulogalamu ena osungira deta amadzisungira okha mbiri yotere. BigQuery imalola kuona tebulo mmene linalili m'masiku 7 apitawo. Snowflake imasunga tsiku limodzi ngati palibe wasintha, ndipo olipira mlingo wapamwamba angafikitse masiku 90. Delta Lake ili ndi lamulo la `RESTORE TABLE`, koma lamulo lina la `VACUUM` likachotsa mafayilo akale, kobwerera kulibenso.

Pobwerera, choyamba n'kuimitsa kutsitsimutsa kwa usiku. Amene waiwala izi amabwezera tebulo labwino masana, n'kupeza m'mawa loipa labwereranso, poti gwero silinakonzedwe. Tebulo loipalo limapatsidwa dzina lina n'kusungidwa, chifukwa ndi mmene muli umboni wa chimene chinachitika. Kenaka dashibodi iyenera kunena poyera kuti ziwerengero zake zathera pa Lachinayi. Deti limeneli lichokere m'deta momwemo, osati pa wotchi ya kompyuta, kupanda kutero bwana adzayitanitsa katundu Lolemba akuganiza kuti akuona za kumapeto kwa sabata. Amene anatenga kale ziwerengero zolakwika n'kuziika m'malipoti ayenera kuuzidwa, pakuti kubwezera tebulo sikufika m'mapepala amene asindikizidwa.

Deta si yokhayo imene imasintha. Ngati tsiku lomwelo wina anasintha njira yowerengetsera phindu kapena dzina la danga m'tebulo, deta yakale ikakumana ndi dashibodi yatsopano zithunzi zina zimangokhala zopanda kanthu. Choncho malamulo owerengetsera ndi mapangidwe a dashibodi amasungidwanso, kawirikawiri mu Git, ndipo pamalembedwa kuti tebulo lililonse linamangidwa ndi malamulo ati.

Pali zolakwa zimene kubwerera m'mbuyo sikungachize. Mu 2020 ku England, bungwe la Public Health England linapeza kuti anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 pakati pa 25 Sepitembala ndi 2 Okutobala sanalowe m'ziwerengero za tsiku ndi tsiku. Zotsatira za kulabotale zinkadutsa m'fayilo ya Excel yamtundu wakale wa XLS, umene sulandira mizere yoposa 65,536, ndipo yotsalayo inkangogwa popanda chenjezo. Ziwerengero za tsiku lililonse zinkaoneka zomveka. Kumeneko panalibe tebulo lakale lokhala ndi anthuwo, chifukwa sanalowemo n'komwe. Chimene chimagwira cholakwa chotere n'kuyerekeza mizere imene yatumizidwa ndi imene yafika, ndipo kukonza kwake n'kutenganso deta kuchokera kugwero. Anthu 15,841 aja anawonjezedwa pa ziwerengero za pa 3 ndi 4 Okutobala.