Makina akagona, amalipira ndani?

Tiyerekeze fakitale yopanga sopo. Lendi ya nyumba, inshuwalansi, malipiro a alonda ndi akapitawo, komanso kutha kwa makina, zonse pamodzi zimadya K120 miliyoni pachaka. Ndalama zimenezi zimatuluka ndithu, kaya makina alire usana ndi usiku, kaya akhale chete. Akauntanti amazitcha ovahedi yosasintha, ndipo kuti adziwe mtengo wopangira sopo mmodzi, ayenera kuzigawa. Mutu umayamba kuwawa posankha chiwerengero cha sopo chogawira ndalamazo.

Njira yoyamba ndi kufunsa kuti makinawo angathe kupanga sopo wochuluka bwanji atagwira ntchito mokwanira, titachotsapo nthawi yowakonza, yowatsuka, masiku a tchuthi ndi nthawi yopuma antchito. Imeneyi ndi mphamvu yotheka, imene a m'maofesi amati pulakitiko kapasite. Robert Kaplan ndi Steven Anderson, polemba mu 2004, anati kawirikawiri imakhala pakati pa 80 ndi 85 peresenti ya zimene makina akanapanga akanakhala osaima konse. Pafakitale yathuyi tinene kuti ndi sopo 600,000 pachaka, choncho aliyense asenza K200.

Njira yachiwiri imayang'ana msika. Imatenga zimene fakitale imapanga mwachizolowezi, poona zaka zingapo, zabwino ndi zoipa zomwe. Umenewu ndi mlingo wachizolowezi, kapena kuti nomo kapasite. Ukakhala sopo 480,000, aliyense asenza K250.

Tsono chaka chavuta, fakitale yapanga sopo 400,000 yekha. Potsata mphamvu yotheka, sopoyu wasenza K80 miliyoni, ndipo K40 miliyoni yotsala ikuonekera poyera kuti ndi mtengo wa makina ogona. Potsata mlingo wachizolowezi, sopo wasenza K100 miliyoni, yotsala ndi K20 miliyoni yokha. Ndalama zimene zatuluka ndi zomwezo, koma K20 miliyoni inayo yabisala m'kati mwa sopo, K50 pa aliyense. Mwini fakitale akaona lipoti lachiwirili angaganize kuti kupanga sopo kwakwera mtengo, pamene vuto ndi lakuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya makina ake likungokhala.

Choopsa kwambiri ndi kugawa ndi zimene zapangidwa chaka chomwecho. Apa sopo aliyense asenza K300. Mwini akakweza mtengo kuti abweze ndalamazo, ogula amathawira kwa ena, malonda n'kutsika kufika pa 300,000, ndipo chaka chotsatira sopo aliyense asenza K400. Akakwezanso, ogula enanso amachoka. Chizindikiro cha matendawa n'chosavuta kuchiona: mtengo wopangira chinthu chimodzi ukukwera, chonsecho mafuta, mankhwala ndi malipiro sizinasinthe. Henry Gantt, injiniya wa ku Amereka, anachenjeza za zimenezi kalekale mu 1915, ponena kuti katundu azisenza ndalama za makina amene amupangadi, osati za makina amene akungokhala.

Nanga bwanji aliyense sangotsata mphamvu yotheka? Chifukwa chimodzi ndi malamulo. Lamulo la IAS 2, limene makampani otsata IFRS amagwiritsa ntchito powerengera mtengo wa katundu wa m'sitoko, kuphatikizapo a kuno ku Malawi, limafuna mlingo wachizolowezi. Limanenanso kuti ovahedi imene yatsala osagawidwa ilembedwe ngati ndalama zowonongedwa chaka chomwecho, isakwiriridwe m'katundu wosagulitsidwa. Choncho kampani yanzeru imasunga ziwerengero ziwiri: china cha malipoti opita kwa oditala ndi eni masheya, china cha mabwana poika mitengo.

Chifukwa china n'chakuti si kugona konse kwa makina kumene kuli kuwononga. Mphero za nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa zimaima nyengo ya mvula chifukwa nzimbe sizidulidwa nthawi imeneyo. Mphero yotere inamangidwa yaikulu dala kuti ithe kugaya zokolola zonse m'miyezi yodula, kotero mtengo wa miyezi yoimayo ndi wa shuga ndithu. Kuwerengera mphamvu yake ngati imagaya miyezi 12 kungachititse shuga kuoneka wotsika mtengo monyenga.

Kwa fakitale ya sopo ija, K40 miliyoni ikaonekera payokha, mabwana amatha kuifufuza gwero lake. Ngati makina anaima chifukwa chosowa maoda, nkhaniyo ndi ya a zamalonda. Ngati anaima podikira zipangizo zochokera kunja, ndi ya ogula katundu. Ndipo ngati makina achitatu anagulidwa poyembekezera msika wa zaka zikubwerazi, eni kampani angasankhe kuwasunga, kuwabwereketsa kapena kupangira sopo kampani ina, akudziwa bwino ndalama imene akulipira chaka chilichonse podikira msikawo.