Katundu akanyowa panyanja, waluza ndani?

Tiyerekeze kuti mayi wina wa golosale ya nsalu ku Limbe waitanitsa kontena ya zitenje kuchokera ku Mumbai, m'dziko la India. Pa invoyisi palembedwa madola 20,000, ndipo pambali pake pali mawu awiri: CIF Beira. Iye akuwerenga, mtima uli m'malo. Wogulitsa walipira sitima yapamadzi, walipiranso inshuwalansi, ndiye kuti katundu ali m'manja mwake mpaka ku Beira.

Potsekula kontenayo apeza kuti madzi analowa, mabelo apansi achita nkhungu. Aimbira foni ku Mumbai, koma wogulitsa akuti zimenezo sizikumukhudza. Chowawa n'chakuti wogulitsayo sakunama.

Zilembo zitatuzo ndi limodzi mwa malamulo 11 otchedwa Incoterms, amene bungwe la ICC la ku Paris linayamba kusindikiza mu 1936. Amene akugwira ntchito panopa ndi a 2020. Lamulo lililonse limayankha mafunso awiri: ndani alipira chiyani paulendo, ndipo ndi malo ati pamene tsoka la katundu limachoka pamutu pa wogulitsa n'kugwera wogula. Ambiri amaganiza kuti yankho lake ndi limodzi, ndipo apa m'pamene ndalama za anthu zimalowera m'madzi.

Malamulo anayi, FAS, FOB, CFR ndi CIF, ndi a maulendo apamadzi okha. Pa FOB wogula amadzipezera yekha sitima, ndipo katundu akangokwezedwa m'sitimamo, ndalama zotsatira ndi tsoka lomwe zonse n'zake. CIF ndiyo imapusitsa. Wogulitsa amalipiradi ulendo mpaka doko lofikira, koma tsoka limasamuka pomwe paja, padoko lonyamukira. Zitenje za mayi uja zinayamba kuyenda pamutu pake sitima isanachoke n'komwe ku Mumbai.

Nanga inshuwalansi ija? Pa CIF wogulitsa amangokakamizidwa kugula yotsikitsitsa, ya gulu C, yokwana 110 peresenti ya mtengo wa katundu, apa madola 22,000. Imeneyi imalipira sitima ikapsa, ikamira, ikatsakamira kapena ikagundana ndi inzake. Madzi olowa m'kontena ayi, kubedwa ayinso. Mayiyu akadafunsa sitifiketi ya inshuwalansi asanalipire, akadaona chilembo chimodzicho n'kuumirira gulu A, lomwe limakuta zambiri.

Ndipo Beira si Limbe. Udindo wa wogulitsa wolipira ulendo umathera padoko. Zochotsera kontena padoko, mapepala odutsira dziko la Mozambique, thiraki yodzera ku Tete mpaka pachipata cha Mwanza, zonsezo n'za m'thumba mwa wogula. Mu Malichi 2019, namondwe wa Idai atasakaza mzinda wa Beira n'kudula msewu wotulukira kumeneko, aliyense amene anagula pa CIF Beira n'kukhala ndi katundu padokopo ankadikira ndi nkhawa yake yekha. Choncho munthu akaona pepala lolembedwa CIF Blantyre azidziwiratu kuti wolembayo wasokoneza, chifukwa ku Blantyre sikufika sitima yapamadzi. A ICC amalangizanso kuti katundu wa m'kontena, amene amaperekedwa kwa onyamula asanafike m'sitima, azigulitsidwa pa FCA, CPT kapena CIP.

Malamulo ofikitsa katundu, DAP, DPU ndi DDP, amayenda mwina. Amagwira pa sitima, pa lole, pa njanji ngakhale pa ndege, ndipo ndalama ndi tsoka zimayendera limodzi mpaka malo otchulidwa. Invoyisi ija ikadati DAP Limbe, n'kutchulanso msewu ndi nyumba yosungiramo katundu, nkhungu ija ikadakhala mutu wa wogulitsa. Ngakhale thiraki ikadagubuduzika ku Tete, woluza akadakhala iye yemwe. Tsoka limasamuka galimoto ikaima pamalo ogwirizanawo, katundu asanatsitsidwe. Pa DPU wogulitsa amatsitsanso yekha.

Komatu DAP sichotsa msonkho. Kuombola katundu ku MRA ndi ntchito ya wogula, ndipo akachedwa ndi mapepala, thiraki n'kugona masiku pachipata, ndalama zodikiritsa ndi chilichonse chimene chingagwere katunduyo chifukwa cha kuchedwako zimabwerera kwa iye. DDP yokha ndiyo imasenzetsa wogulitsa msonkho wolowetsera katundu. Ambiri akunja amaikana, poti kuombola katundu m'dziko limene sanalembetsemo bizinesi n'kovuta.

Mtengo wa DAP umaoneka wokwera, popeza wogulitsa amawerengeramo thiraki, mapepala ndi inshuwalansi ya njira yonse. Kwa wamalonda wamng'ono wopanda ejenti wodalirika ku Beira, kukwera kumeneko nthawi zambiri n'koyenera kukulipira. Poyerekeza mitengo iwiriyi, mayi wa ku Limbe ayambe waphatikiza pa madola 20,000 aja zolipira padoko, za ejenti, za thiraki ndi inshuwalansi yapamsewu, kenako aone ngati CIF Beira idakali yotchipa.