Mafomu 300 Oyankhulira Mafomu 20,000

Tiyerekeze kuti bungwe la alimi lili ndi mafomu 20,000 a ngongole ya feteleza, olembedwa pamanja. Mafomuwo ajambulidwa, ndipo pulogalamu ya pakompyuta yawerenga dzina, mudzi, tsiku ndi ndalama, n'kuziika pamndandanda. Mndandandawo umaoneka waudongo, koma udongowo ndi wonyenga. Pulogalamu ikawerenga 7 ngati 1, imalemba 1 wooneka bwinobwino, osachita manyazi.

Kufufuza mafomu onse pamanja n'kubwerera ku ntchito yomwe timaithawa. Odziwa ntchitoyi amangotapako ochepa, mwina 300, ndipo nkhani yagona pa katapidwe kake. Wogula chimanga wochenjera sakhutira ndi cha pamwamba pa thumba, amabaya pakati ndi pansi pomwe. Mafomu a pamwamba pa katoni angakhale a kalaliki mmodzi wolemba mokongola, pomwe ofufuma ndi onyowa ali pansi. Choncho fomu iliyonse imapatsidwa nambala, kompyuta n'kusankha 300 mwamaere. Kenako munthu amatenga pepala lenilenilo n'kulifananiza ndi mndandanda. Ndi bwino kuti ayambe walemba yekha zomwe akuona papepalapo asanasuzumire za kompyuta, chifukwa diso limavomera msanga zomwe lauzidwa kale.

Tinene kuti mafomu 12 apezeka olakwika. Pamenepo ndiye kuti 4 pa 100 alionse. Koma poti tangotapako, masamu amati chiwerengero chenicheni chingakhale pakati pa 2 ndi 6 pa 100, kutanthauza mafomu pafupifupi 400 mpaka 1,200 pa mulu wonsewo. Wofuna kuchepetsa mpatawu ndi theka ayenera kufufuza mafomu 1,200, osati 600. Chodabwitsa n'chakuti mulu ukanakhala wa mafomu 200,000, omwewo 300 akanatipatsa chithunzi chofanana.

Nanga pakapanda kupezeka cholakwika ngakhale chimodzi? Apa ambiri amafulumira kuomba m'manja. Pali lamulo lachidule loti mugawe 3 ndi chiwerengero cha mafomu omwe mwafufuza. Pa 300, zolakwika zingathebe kufika fomu imodzi pa 100, omwe ndi mafomu 200. Amene wafufuza 30 okha n'kupeza onse ali bwino angakhale akugonera mafomu olakwika 2,000.

Zolakwikanso sizilemera mofanana. Mudzi kulembedwa Chimwaia m'malo mwa Chimwala n'kokonzeka, koma K75,000 kusanduka K15,000 ndi mlandu. N'chifukwa chake malire amaikidwa gawo ndi gawo, kufufuza kusanayambe, kuopa kuti angawasunthe ataona zotsatira. Ndipo ngati 9 mwa mafomu 12 aja achokera kudera limodzi komwe ankalemba ndi pensulo, mafomu onse a kumeneko apatulidwe, alembedwe ndi anthu. Pulogalamu ikakonzedwa, maere achitike atsopano, chifukwa 300 oyamba aja ndi omwe anaikonzera.