Dalaivala Watsopano Akadetsa Sikirini: Kuika Pamwamba, Kuyeretsa Kapena Kubwerera ku Wakale?

Pa 30 Januwale 2025 kampani ya NVIDIA inayamba kugulitsa makhadi ake atsopano a zithunzi, RTX 5090 ndi RTX 5080, ndipo tsiku lomwelo inatulutsa dalaivala wa nambala 572.16. Dalaivalayu sanali wa makhadi atsopanowo okha. Eni makhadi akale a RTX 40 ndi RTX 30 nawonso anauzidwa ndi makompyuta awo kuti kwabwera watsopano, ndipo ambiri anangodina batani monga mwa nthawi zonse. Sipanapite nthawi madandaulo anayamba kumveka: sikirini kuda bii munthu ali pakati pa gemu, magemu kudzitsekera okha, kompyuta kuuma osamvanso mausi kapena kiyibodi. Pofika mu Malichi, opanga magemu awiri, inZOI ndi The First Berserker: Khazan, anali kulangiza eni makhadi a RTX 40 kuti abwerere ku dalaivala 566.36, yemwe anatuluka mu Disembala 2024.

Anthu ambiri amene anakumana ndi vutoli anayamba ndi kuchotsa dalaivala yense, kuyeretsa kompyuta, n'kuikanso yemweyo wa 572. Kwa ambiri sizinathandize, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva munthu akadziwa ntchito ya njira iliyonse.

Dalaivala wa zithunzi ndi pulogalamu imene imakhala pakati pa Windows ndi khadi la zithunzi. Gemu kapena pulogalamu yokonzera mavidiyo ikafuna kujambula chinthu pa sikirini, siilankhula ndi khadilo mwachindunji. Imapereka pempho, dalaivala n'kulisandutsa malamulo amene khadilo limamva. Dalaivala akalakwitsa, khadi labwinobwino limaoneka ngati lawonongeka.

Njira ya masiku onse ndi kuika watsopano pamwamba pa wakale. Pulogalamu yoikira imalowetsa mafayilo atsopano m'malo mwa akale, koma imasiya zonse zimene mwini kompyuta anasankha: kuwala ndi mitundu ya sikirini, kasanjidwe ka masikirini awiri ngati alipo, ndi zimene anakonzera gemu iliyonse payokha. Windows nayo imasunga dalaivala wakaleyo m'nkhokwe yake. Ngati kompyuta ikuyenda bwino ndipo khadi ndi lomwelo, njira imeneyi ndi yokwanira. Pali anthu amene amayeretsa kompyuta nthawi iliyonse dalaivala akatuluka, mwezi ndi mwezi. Kunena zoona, amangodzitopetsa, chifukwa kenako amayambanso kusankha zonse zimene anafufuta.

Kuyeretsa kuli pawiri, ndipo anthu amasokoneza mitundu iwiriyi. Koyamba ndi kachizindikiro kamene kali m'pulogalamu yoikira. Kwa NVIDIA, mukasankha Custom (Advanced) mumapeza kabokosi kolembedwa Perform a clean installation. Kwa AMD kamatchedwa Factory Reset. Ntchito yake yaikulu ndi kuchotsa dalaivala wakale ndi kubwezera zosankha zonse mmene zinalili pachiyambi. Kumeneku kumathandiza ngati vuto lachokera ku zimene munasintha nokha n'kuiwala, kapena zosankha zakale zimene sizikugwirizana ndi dalaivala watsopano.

Kwachiwiri ndi kozama. Pamafunika pulogalamu yapadera, ndipo yodziwika kwambiri ndi Display Driver Uninstaller, imene ambiri amangoti DDU, yaulere, yopangidwa ndi Wagnardsoft. AMD ilinso ndi yakeyake, AMD Cleanup Utility. Izi zimafukula zotsalira zonse: mafayilo a madalaivala akale m'nkhokwe ya Windows, mafoda, ndi zolembedwa m'kaundula wa mkati mwa Windows zimene kuchotsa wamba kumasiya. Nthawi zoyenera kuchita zimenezi ndi zochepa. Mwachotsa khadi la AMD n'kuika la NVIDIA, kapena la NVIDIA n'kuika la AMD. Magetsi anazima dalaivala ali mkati molowa, ndipo tsopano pulogalamu yoikira ikukana kumaliza. Kapena Windows Update yaika dalaivala wake pamwamba pa wanu, moti pulogalamu ya AMD Software ikukana kutseguka n'kumati siikugwirizana ndi dalaivala amene alipo.

M'zochitika zonsezi dalaivala watsopano ndi wabwino, chosokoneza ndi zotsalira. Vuto la mu 2025 linali lina. Cholakwika chinali mwa dalaivala mwiniwakeyo. Mutha kutsuka mphika mpaka kuwala, koma ngati ufa uli ndi mchenga, nsima ilumabe mano. Apa m'pamene kubwerera ku wakale kumathandiza.

Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti ali ndi vuto liti? Funso loyamba ndi lakuti: chinasintha n'chiyani, ndipo liti? Tsegulani Device Manager, pitani pa Display adapters, dinani kawiri dzina la khadi lanu, kenako Driver. Pamenepo pali Driver Date ndi Driver Version. Kumbukirani kuti deti limeneli ndi la tsiku limene dalaivala anapangidwa, osati limene analowa m'kompyuta yanu. Tsiku lolowa mungalipeze pa Events, m'bokosi lomwelo. Ngati mavuto anayamba tsiku limenelo kapena lotsatira, pa kompyuta imene inali bwino kwa miyezi, wokayikiridwa woyamba mwam'peza.

Windows nayo imasiya zizindikiro. Khadi likapanda kuyankha kwa masekondi 2, Windows imayesa kudzutsanso dalaivala. Sikirini imada pang'ono n'kubwerera, ndipo nthawi zina pamatuluka uthenga wakuti Display driver stopped responding and has recovered. Ikalephera kumudzutsa, kompyuta imagwa n'kuonetsa VIDEO_TDR_FAILURE, kawirikawiri ndi dzina la fayilo pambali pake. Dzina lakuti nvlddmkm.sys ndi la NVIDIA, amdkmdag.sys kapena atikmpag.sys ndi la AMD, igdkmd64.sys ndi la Intel. Dzinalo likungokuuzani kumene kwagwera vuto, osati chimene chalibweretsa, chifukwa khadi lotentha kwambiri kapena losowa mphamvu ya magetsi limaonetsa uthenga womwewo.

Tiyerekeze munthu amene ali ndi RTX 4070. Kompyuta yake inali bwino pa 566.36, waika 572.16, ndipo tsopano sikirini ikuda akangoyamba gemu. Choyamba ayese njira yachidule. Pa tsamba lomwe lija la Driver pali batani lakuti Roll Back Driver. Akalidina, Windows imafunsa chifukwa, kenako imabwezeretsa dalaivala amene analipo watsopanoyu asanabwere. Sikirini imaphethira kangapo, ndipo ndi bwino kuzimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Batanili limabwerera sitepe imodzi yokha. Ngati munthuyo anaika 572.16, kenako wina wa 572 pofuna kukonza, limubwezera ku 572.16, osati ku 566.36. Nthawi zina limaoneka lotuwa, losadinika. Zikatero ndiye kuti wakale palibe, mwina chifukwa watsopano anaikidwa moyeretsa, mwina chifukwa wina anachotsa Device driver packages mu Disk Cleanup pofuna kupeza malo. Apa pali phunziro la ndondomeko: amene amayamba ndi DDU amadzitsekera yekha njira yachiduleyi, chifukwa DDU imafufuta ndi wakale yemwe akanabwererako.

Batani likakana, njira ndi yaitali. Asanachotse kalikonse, atenge kaye fayilo ya 566.36 pa tsamba la NVIDIA lenilenilo, pamene amasunga madalaivala akale, osati pa masamba ena amene amalonjeza kukonza madalaivala onse ndi batani limodzi. Fayiloyi ndi ya mamegabaiti mazanamazana, choncho amene amadalira bandulo ya pafoni aisunge pa fulashi, asadzaigulenso kawiri. Atengenso DDU. Kenako azule chingwe cha intaneti kapena azimitse Wi-Fi. Ambiri amalumpha sitepe imeneyi n'kudabwa. Windows ikaona khadi lopanda dalaivala, imathamangira pa intaneti kukatenga wake, ndipo mukamaika wanu mumapeza wina walowa kale.

Kuyeretsako kuchitikire mu Safe Mode, mmene Windows imayenda popanda dalaivala wa khadilo, kotero mafayilo ake sakhala otanganidwa ndipo amachoka mosavuta. Gwirani Shift n'kudina Restart, kenako Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, n'kudina 4. Ngati kompyuta ili ndi BitLocker, khalani ndi nambala yake yotsegulira pafupi, chifukwa ikhoza kuifunsa. Mu DDU sankhani GPU ndi NVIDIA, kenako Clean and restart. Kompyuta ikayaka, zilembo zingaoneke zikuluzikulu, sikirini yachiwiri ingakhale yozima, ndipo Device Manager ionetsa Microsoft Basic Display Adapter. Musachite mantha, ameneyo ndi dalaivala wongogwirizira. Ikani 566.36, yatsaninso kompyuta, kenako bwezerani intaneti.

Gemu ikayamba kudodomadodoma mphindi zoyamba, musafulumire kuweruza. Dalaivala akasintha, magemu ambiri amakonzanso timapulogalamu tating'ono tojambulira kuwala ndi mithunzi, ndipo akamaliza kudodomako kumatha. Chofunika kuona ndi vuto lenileni lija. Seweraninso gemu yomweyo, pamalo pomwe sikirini inkada, ndipo musasinthe china chilichonse tsiku limenelo. Mukasintha dalaivala, chingwe ndi zosankha za gemu nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chathandiza.

Kubwerera kuli ndi malire ake. Amene anagula RTX 5080 analibe kothawira, chifukwa 566.36 anatuluka khadi lawo lisanafike pamsika ndipo salidziwa n'komwe. Iwo anayenera kudikira madalaivala okonzedwa, monga 576.02 wa mu Epulo 2025, amene anabwera ndi mndandanda wautali wa zolakwika zokonzedwa. Nayenso anali ndi kachilema kake, kutentha kwa khadi kunkasiya kuwerengedwa bwino kompyuta ikadzuka ku tulo, mpaka NVIDIA inatulutsa 576.15 patangopita masiku ochepa. Ngakhale kwa amene angathe kubwerera, dalaivala wakale si wokhala naye zaka. Gemu yatsopano ikhoza kumukana, ndipo zibowo za chitetezo zimene zapezeka pambuyo pake zimakhala zosatsekedwa. Nzeru ndi kukhala pa wakale, kumawerenga zimene kampani yalemba kuti yakonza pa dalaivala aliyense wotuluka, n'kuyesa watsopano vuto lanu likatchulidwa, fayilo yakale ili pa fulashi.

Eni malaputopu asamale kwambiri. Malaputopu ambiri ali ndi zojambulira ziwiri, cha Intel kapena AMD cha ntchito wamba ndi cha NVIDIA cha ntchito yolemera, ndipo opanga laputopu nthawi zina amasintha dalaivala kuti agwirizane ndi sikirini ndi batire la makina awo. Kuwala kwa sikirini kukasiya kusinthika mutaika dalaivala wa Intel, wobwererako ndi amene ali pa tsamba la HP, Dell kapena Lenovo, pansi pa nambala ya laputopu yanuyo, ngakhale aoneke wakale.

Palinso mavuto amene njira zonse zitatuzi sizingawakhudze. Yatsani kompyuta n'kuyang'ana chizindikiro cha kampani chimene chimabwera Windows isanayambe. Ngati mizere, timadontho tamitundumitundu kapena zilembo zosweka zikuoneka kale pamenepo, dalaivala alibe mlandu, chifukwa pa nthawiyo amakhala asanayambe ntchito. Sinthani chingwe cha sikirini, onani ngati mafani a khadi akuzungulira komanso ngati chingwe chake cha magetsi chalowa mpaka kumapeto. Mizere ikapitirira ndi chingwe china ndi sikirini ina, khadilo lipite kwa wokonza, kapena kwa amene anakugulitsani ngati nthawi ya chitsimikizo isanathe.