Chimbudzi chikasiya kugejemula, alembereni eni nyumba

M'nyumba zambiri za lendi m'matauni, kukangana kwa wochita lendi ndi landilodi kumayambira pa kanthu kakang'ono ngati chimbudzi cha madzi chomwe chasiya kugejemula. Wochita lendi amati anawauza kale eni nyumba. Eni nyumba amati sanamve, kapena amati wawononga ndi iye yemweyo. Mawu apakamwa sasiya umboni, n'chifukwa chake nkhani yotere imafunika kalata. Koma kalata yongoti "chimbudzi chawonongeka" sithandiza kwenikweni, chifukwa landilodi sadziwa choti auze pulambala. Musanalembe, vundukulani thanki ya chimbudzicho muone chomwe chavuta.

M'thankimo muli zida ziwiri zikuluzikulu. Choyamba ndi vavu yolowetsa madzi, yomwe imalumikizidwa ku mpira woyandama. Madzi akamadzaza, mpirawo umakwera mpaka kutseka vavuyo. Chachiwiri ndi chotulutsa madzi. M'zimbudzi zambiri za handulo, chimenechi ndi saifoni: mukatsitsa handulo, kawaya kamakoka kapulasitiki kopyapyala komwe kamakankhira madzi m'paipi yokhota, ndipo madzi onse a m'thanki amatsatira.

Vuto lililonse lili ndi chizindikiro chake. Handulo ikamangotsika mopepuka osakoka kanthu, kawirikawiri kawaya kaja kamakhala kataduka kapena katachoka m'malo mwake. Ngati mukuchita kupopa kangapo madzi asanatsike, ndiye kuti kapulasitiki ka mu saifoni kang'ambika. Madzi akamangolowa osaleka n'kumatayikira kupaipi yotulutsa madzi osefukira, washala wa vavu watha kapena mpira waboola n'kumira.

Vuto lomalizali ndi lomwe limadya ndalama, ndipo mungathe kuliyeza ngati paipiyo imatulukira kunja kwa khoma. Tcherani botolo la lita imodzi. Likadzaza m'mphindi 5, mukutaya malita 12 pa ola, omwe ndi malita 288 pa tsiku, kapena 8,640 pa masiku 30. Mita ya madzi imawerenga onsewo, ndipo nthawi zambiri wolipira bilu ndi wokhala m'nyumbamo. Poyembekeza pulambala, tsekani kampopi ka papaipi yolowa m'thanki ngati kalipo, muzithira madzi ndi ndowa.

Zomwe mwaonazo ndizo zilowe m'kalata. Pamwamba lembani keyala yanu ndi tsiku, kenako mawu onga awa:

"Okondedwa Bambo,

PEMPHO LOTI MUKONZETSE CHIMBUDZI

Ndikukudziwitsani kuti chimbudzi cha m'nyumba yanu yomwe ndikuchita lendi chavuta kuyambira Lolemba lapitali. Madzi sakusiya kulowa m'thanki ndipo akutayikira kupaipi ya kunja. Nditayeza, botolo la lita imodzi linadzaza m'mphindi 5. Zikuoneka kuti vavu yolowetsa madzi yatha. Pakadali pano ndatseka madzi ndipo banja lonse tikugwiritsa ntchito ndowa.

Chonde tumizani pulambala lisanafike Loweruka. Ndimapezeka pakhomo tsiku lililonse kuyambira 4 koloko madzulo. Ngati simungathe, ndiloleni polemba kuti ndimupeze ndekha, ndikupatseni malisiti, ndipo ndalamazo tidzachotsere pa lendi ya mwezi wamawa.

Ine wochita lendi m'nyumba yanu."

Pansi pake sainani ndi kulemba dzina ndi nambala yanu ya foni.

Kalatayi siloza munthu chala. Yangonena tsiku lomwe vuto linayamba, chomwe chikuchitika, komanso tsiku lomwe ntchito ikufunika itachitika. Mawu akuti "zikuoneka kuti" ali ndi ntchito: wolembayo si pulambala, ndipo akanena motsimikiza chida cholakwika, landilodi akhoza kugula chosafunika n'kumuimba mlandu.

Nanga alipire ndani? Yambani mwawerenga pangano lanu la lendi, pakuti mapangano ena amasiya zokonza zing'onozing'ono m'manja mwa wokhala m'nyumba. Pomwe pangano silinena kanthu, anthu ambiri amagwirizana kuti chida chotha ndi ukalamba, monga washala, n'cha eni nyumba, pomwe handulo yothyoledwa ndi ana kapena chivundikiro choswedwa n'cha wochita lendi. Ngati munawononga ndinu, nenani zoona m'kalatamo, pakuti pulambala akavundukula thanki amazindikira.

Chomwe chimawonongetsa ubale kwambiri ndi kukonzetsa mwakachetechete kenako n'kupereka lendi yoperewera. Eni nyumba angathe kuwerengera ndalama yotsalayo ngati ngongole, ngakhale malisiti alipo. Dikirani chilolezo cholembedwa, ngakhale chitakhala uthenga wa pa WhatsApp.

Lembani makalata awiri ofanana, eni nyumba asaine imodzi kuti ikhale yanu. Ngati amakhala kutali, ijambuleni kalatayo pamodzi ndi m'kati mwa thanki, muwatumizire pafoni, ndipo musafufute uthengawo mpaka tsiku lomwe mudzatuluke m'nyumbamo n'kulandira dipoziti yanu.